Kuchoka posoka zapakhomo kufika posokera ndalama: zomwe ndalemba kuyambira Meyi

4 Meyi

Ndayamba kope limeneli chifukwa m'mutu mokha zinthu zimakoma kwambiri, munthu umangoona shopu yako ili ndi chikwangwani, makasitomala ali pamzere, koma ukati ulembe papepala ndi pomwe umaona kuti zambiri sukuzidziwa. Ndakhala ndikusoka zaka zisanu ndi chimodzi pa makina opalasa a Butterfly omwe anandisiyira mayi anga aang'ono. Ndimasoka madiresi anga, a ana, nashonale ya azinzanga akutchalitchi, ndipo aliyense amati iwe ukuchedwa pati, siya ntchito yogulitsa mushopuyo utsegule zako. Ndimagwira mushopu ina ku Limbe, ndimakhala ku Bangwe.

Ndisanasiye ntchito ndikufuna ndidziwe zinthu ziwiri basi. Kodi anthu akuno amalipira telala kuti awasokere chiyani, ndiye pa zimenezozo ine ndimatha ziti, ndipo ndimatha mwachangu bwanji.

Nambala yomwe ndikuthamangitsa ndi iyi. Pakhomo pamafunika K180,000 pamwezi kuchokera kwa ine. Khonde lomwe ndafunsa pafupi ndi msika akuti K25,000 pamwezi. Makala a simbi, ulusi, singano, mafuta a makina, ndaika K15,000. Zonse K220,000. Ndikagwira masiku 24 pamwezi ndiye kuti tsiku lililonse pazitsala pafupifupi K9,200 nditachotsa zogula za chovalacho. Mitengo yonse m'kope muno ndi yomwe ndaipeza ine miyezi ino, isakusokonezeni, chichokereni kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mtengo wa nsalu sukhala malo amodzi, ukafunsa lero mwezi wamawa ufunsenso.

18 Meyi

Ndalakwitsa kafunsidwe, bola ndazindikira msanga. Ndinafunsa anthu 30, akutchalitchi, oyandikana nawo, akuntchito, kuti nditatsegula mungamasoketse kwa ine? Anthu 26 anati eee kwambiri. Ndinasangalala usiku wonse. Mawa lake mchemwali wanga wamkulu anandiuza kuti uwauze apereke dipoziti uone. Ndinabwerera kwa omwewo, ndikuti ndikusoka nashonale K15,000, perekani theka ndiyambe Loweruka. Anapereka anayi okha. Enawo si oipa ayi, amandikonda, ndiye sakanandiuza kuti ayi pamaso, koma mawu amenewo sindingalipire nawo khonde.

Ndasintha funso. Pano ndikufunsa zomwe zinachitika kale: chovala chomaliza munapita nacho liti kwa telala, chinali chiyani, munalipira zingati, chinakunyansani n'chiyani. Apa munthu alibe chifukwa chondisangalatsira, amangonena. Ndipo zomwe zatuluka zandidabwitsa, ambiri sanasoketse chovala chatsopano chaka chino, anapititsa buluku la pa kaunjika kuti alibweze m'chiuno, kapena zipi ya siketi, kapena yunifomu ya mwana. Pa 30 aja, 19 anadandaula chinthu chimodzi chomwecho, chakuti telala amangoti mubwere mawa, mubwere mawa, mpaka ukwati womwe umafuna kuvalira chovalacho kudutsa. Palibe amene anadandaula kuti sitayilo inali yachikale. Ine ndimaganiza kuti ndidzawapambana anzanga ndi masitayilo.

8 Juni

Pali bambo ena achikulire amasoka pakhonde la golosale kufupi ndi kwathu, tonse timangowatchula kuti madala. Ndinapita kukawapempha kuti ndizikhala nawo Loweruka komanso tsiku langa lopuma pakati pa sabata, ndiziwathandiza kusita ndi kusomola misoko, ine ndizilemba ntchito zomwe zikubwera. Anandiyang'ana kaye nthawi yaitali, kenako anati, "Mwana wanga, bola usamalembe maina a anthu, ena ali ndi ngongole pano." Tinagwirizana choncho.

Masiku asanu ndi limodzi omwe ndakhalapo zabwera ntchito 63. Zokonzakonza, ndiye kuti kubweza m'chiuno, kudula miyendo ya buluku, kuika zipi, zigamba, zinali 38. Mayunifomu 11. Nashonale ndi madiresi a chitenje 9. Zotsalazo 5 ndi makatani ndi mapilo. Ndiye chomwe ine ndimachikonda komanso ndimachitha bwino chija chili ndi gawo limodzi mwa magawo asanu ndi awiri, ndipo pa anthu 9 amenewo atatu sanabwerenso kudzatenga mpaka pano, zovala zili m'chikwama cha madala pansi pa tebulo, ulusi wawo ndi nthawi yawo zili momwemo. Pomwe wa buluku la pa kaunjika amaima pompo, amadikira, amalipira pompo kaya ndi pamanja kaya pa Airtel Money kapena Mpamba, n'kumapita.

Poyamba ndinkaona kaunjika ngati mdani wa telala, poti munthu amagula shati yotha kale pamtengo wosafika ndi wa nsalu yokha. Koma belo ikatsegulidwa zovala zake si za misinkhu yathu, mabuluku ataliatali, m'chiuno mokula, ndiye pafupifupi aliyense wogula amadutsira pa telala. Madala akuti tsiku lomwe atsegula mabelo kumsika iwo sadya nkomwe nsima ya masana.

Masiku asanu ndi limodzi ndi ochepa, ndikudziwa, komanso ndi khonde limodzi, mwezi umodzi wozizira womwe anthu akugula majekete. Sindikutenga ngati ndi Blantyre yense. Koma zikugwirizana ndi zomwe anthu 30 aja anandiuza, ndiye ndazikhulupirira.

22 Juni

Sabata ino ndadziyesa ndi wotchi ya pafoni, ntchito iliyonse payokha, ndipo apa ndi pomwe zandiwawa.

Nashonale ya bulauzi ndi siketi, ya lainingi, imanditengera maola 11 kuyambira kuyeza mpaka kusita. Ndimatchaja K15,000, koma lainingi, zipi, sitifi yolimbitsira nsalu ndi ulusi zimadya K4,000 poti ambiri amangobweretsa chitenje chokha. Zotsala K11,000, ndiye K1,000 pa ola. Olo nditapeza oda tsiku lililonse, maola 8 andipatsa K8,000, sizikufika pa K9,200 ija. Chinthu chomwe anthu amandiyamikira nacho sichingandidyetse pa liwiro langali.

Kudula ndi kupinda miyendo ya buluku ndi K1,000, mphindi 15 ngati ndi nsalu wamba. Kubweza m'chiuno K1,500, madala mphindi 25, ine 50. Zipi ya buluku K2,000, zipiyo kugula K500, madala mphindi 20, ine ola limodzi ndi mphindi 10 ndipo itatha inali yokhota, kutsogolo kukuyasama mano a zipi akuonekera. Madala anangoisomola yonse osayankhula kanthu n'kuikanso. Iwo pa zipi amapeza K1,500 pa mphindi 20, ine ndalama yomweyo pa mphindi 70. Kusiyana kwathu kuli pamenepo, si pa makina, makina athu ndi amodzi.

Ndalemba zomwe sinditha mosabisa: zipi ya kutsogolo kwa buluku, kolala ya shati, kudula kabudula ndi buluku la mwamuna popanda kutengera chovala china, komanso kusoka jinzi popanda kuthyola singano. Zonse ndi zovala za amuna ndi za sukulu. Zaka zisanu ndi chimodzi ndakhala ndikusoka za amayi zokha chifukwa ndi zomwe zimandisangalatsa, sindinaone kuti theka la ntchito ndalisiya.

Ndinaganizapo zokalowa kosi yathunthu. TEVETA, yomwe inakhazikitsidwa mu 1999, ndiyo imayang'anira maphunziro a ntchito zamanja, ndipo utelala umaphunzitsidwa m'makoleji ena a zaluso kuphatikizapo a m'madera aja anayamba mu 2015. Setifiketi ndidzaifuna ndithu tsiku lomwe ndidzafune oda ya kampani kapena sukulu yaikulu, amafunsa mapepala. Koma panopa vuto langa ndi zinthu zinayi zodziwika maina, ndiye ndagwirizana ndi madala kuti ndiziwapatsa K10,000 pamwezi andiphunzitse zimenezo zokha, miyezi iwiri.

13 Julayi

Jinzi yatheka, ndipo inali nkhani yaing'ono. Ndinkasoka chilichonse ndi singano nambala 14. Jinzi imafuna 16, yokhuthala kwambiri 18, ndipo pofika pa msoko wam'mbali paja pamakhala nsalu zopindana kambirimbiri umayamba wapamenya ndi hamala kuti paphwatalale, kenako umaika kansalu kopinda kuseri kwa phazi la makina kuti phazilo lisapendekeke, n'kuzunguza gudumu ndi dzanja pang'onopang'ono osapalasa. Phazi likapendekeka ndi pomwe makina amadumpha masitichi kapena singano kuthyoka. Ndathyola imodzi yokha masabata atatu, kale inali imodzi pa jinzi iliyonse.

Kubweza m'chiuno ndaphunzira malire ake. Umabweza pa msoko wapakati kumbuyo, umasomola lamba wa m'chiuno pamenepo, n'kutsetsereka nawo msokowo pang'onopang'ono mpaka kukalowa mu wakale kumunsi. Koma ukapitirira masentimita 5 kapena 6 matumba akumbuyo amayandikana ngati akufuna kukumana, buluku limaoneka kuti labwezedwa. Likakula kuposa pamenepo umagawa, pang'ono kumbuyo pang'ono m'mbali zonse ziwiri, ndipo ntchitoyo ndi ina, mtengo uyenera kukwera. Mnyamata wina anabwera ndi buluku lokula masentimita 12, ine ndinali nditatsala pang'ono kunena K1,500, madala anati K3,500 kapena akalibweze komwe wagula. Analipira.

Zipi ndaika 14 pa mabuluku akutha omwe ndinatola kwa abale. Ndimaika, ndimasomola, ndimaikanso. Cholakwika changa chinali choti ndinkasoka zipi pamphepete penipeni pa nsalu mbali zonse ziwiri ngati ya siketi. Ya buluku mbali yapansi imalowa mkati pafupifupi sentimita imodzi kudutsa mzere wapakati, kuti mbali yapamwamba ikabwera iphimbe mano onse. Komanso posomola yakale uziyang'ana momwe anaikira ku fakitale, ndondomeko yake ili pomwepo, umangoibwereza chobwerera. Pano ndili pa mphindi 35 ndipo sikuyasama.

27 Julayi

Sukulu zimatsegulira chaka mu Sepitembala, ndiye ngati ndikufuna kuyesa mayunifomu nthawi yake ndi ino. Apa ndinatsala pang'ono kutaya ndalama. Pali sukulu ina yapulaiveti pafupi, ana ambiri, makolo ooneka kuti ali nazo, ine ndinawerengera kuti olo nditapeza ana 20 okha zanga zayera, ndinafika mpaka pofunsa mtengo wa nsalu ya mtundu wawo ku Limbe. Mwamwayi ndinayamba ndacheza ndi mayi wina yemwe mwana wake amaphunzira pomwepo, anandiuza kuti yunifomu amagula pasukulu pomwepo, ili ndi baji yosokerera, yosoketsa kwina mwana amabwezedwa. Ndiye kuchuluka kwa ana sikutanthauza kanthu, funso ndi lakuti kholo lili ndi ufulu wosoketsa komwe likufuna kapena ayi.

Ndatsala ndi sukulu ziwiri za pulaimale za boma komwe makolo amasoketsa paliponse bola mtundu ufanane. Ndalankhula ndi amayi a gulu lathu la banki m'khonde ndi oyandikana nawo, nthawi ino mwanzeru, ndinasoka shati imodzi ndi diresi imodzi zachitsanzo, ndinayenda nazo m'manja, mtengo ndinanena pompo, ndi tsiku lotenga ndinalemba pakapepala. Wofuna apereke theka. Apereka makolo 13, zovala zonse 22: mashati 10, makabudula 6, madiresi 6. Dipoziti imeneyi ndi yomwe ndagulira nsalu, sindinakongole ku gulu, ndipo ndasangalala nazo chifukwa chiwongoladzanja cha kumeneko chikanadya phindu lonse la oda yaing'ono ngati iyi.

Shati ya mwana wa zaka 8 mpaka 10 ndawerengera chonchi. Tetroni wotambalala masentimita 150 ndagula K5,000 pa mita, shati ya manja aafupi imadya masentimita 80, ndiye K4,000. Mabatani asanu K250, sitifi ya kolala K300, ulusi K150, makala K100. Makina anga amangosoka mzere wowongoka, sapanga zigizagi, ndiye ovaloko, kusoka kotchinga mphepete kuti nsalu isasomoke, ndi mabowo a mabatani ndimakapangitsa kwa mnyamata wina kumsika, K700 pa shati. Zonse K5,500. Ndikugulitsa K8,500 poti ndi momwe ena akugulitsira, sindingakwere kuposa apo ndili wachilendo. Yanga ndi K3,000. Yachitsanzo ija inanditengera maola atatu, ndiye tabwereranso pa K1,000 pa ola. Ngati liwiro silisintha, mayunifomu nawonso sandithandiza.

17 Ogasiti

Nkhani yabwino kaye. Madala anandiletsa kusoka shati imodziimodzi. Anati ndipange mapatani a katoni misinkhu itatu, yaing'ono, yapakati, yaikulu, ndiyale nsalu kanayi, ndijambule ndi choko kamodzi, ndidule zonse limodzi. Kenako makolala onse 10 nthawi imodzi, matumba onse, mapewa onse, manja onse. Dzanja likazolowera chinthu chimodzi silimaima kuganiza, komanso susinthasintha ulusi, komanso simbi umaikoleza kamodzi. Mashati 10 ndamaliza maola 15, ndiye ola limodzi ndi theka iliyonse, K2,000 pa ola. Kuyala zidutswa mothinana kwandipulumutsiranso pafupifupi theka la mita. Pa zovala zosoka zatsopano ndi koyamba kuona nambala yodutsa yomwe ndimafuna, ndinakhala pansi n'kuwerengeranso kawiri kuti mwina ndalakwitsa.

Kolala nayo yagona bwino. Chinsinsi chake n'chakuti chidutswa chapansi umachichepetsa mamilimita awiri kapena atatu m'mbali, kuti ukatembenuza msoko ubisale pansi ndipo nsonga zisapindikire m'mwamba. Sitifi umamata ku chidutswa chapamwamba, ndipo pansonga umadula nsalu yotsala usanatembenuze apo ayi pamakhala chibuluma.

Tsopano yoipa. Makabudula 6 aja ndawaononga anayi. Ndinayeza m'chiuno, m'matako ndi kutalika, koma sindinayeze kuya kwa pakati, kuchoka m'chiuno kufika pokhalira. Ndinangoyerekeza. Ataima mwana kabudula amaoneka bwinobwino, atangokhala pansi kumbuyo kunatsika, kutsogolo kukumukoka, mwana mpaka anati amayi ikundipweteka. Muyeso umenewu umatenga mwana atakhala pampando wolimba, tepi kuchoka m'chiuno m'mbali kufika pampandopo, n'kuwonjezera sentimita imodzi kapena ziwiri kuti apume, ndipo msoko wakumbuyo uyenera kutalika kuposa wakutsogolo. Kabudula wochepa pakati sakonzeka, nsalu yomwe wadula yapita. Ndinagulanso mamita awiri, K10,000 ya m'thumba mwanga.

Ndiye pogulanso paja panabuka china, mpukutu womwe ndinadulitsa poyamba unali utatha, watsopanowu dzina la mtundu ndi lomwelo koma ukauika padzuwa ndi woderako pang'ono. Mayi wina ali ndi ana awiri, kabudula mmodzi wa nsalu yoyamba wina wa yachiwiri, anaona nthawi yomweyo. Ndinawafotokozera zonse momwe zinayendera, anati, "Amake mwana, bola mwanena nokha, koma ulendo wina muzigula yokwanira." Kuyambira pano nsalu ya oda imodzi ndizigula pa mpukutu umodzi ndi kuwonjezera mita imodzi, ndipo kachidutswa ndizimata m'kope kuti pokagula ndizifananitsa panja osati mkati mwa shopu.

Anayi olakwika aja sindinataye, ndawaika lastiki ndipo awiri agulidwa ndi makolo a ana ang'onoang'ono pa K3,000 aliyense.

14 Sepitembala

Zovala zonse 22 zaperekedwa, 20 pa tsiku lomwe ndinalemba, ziwiri ndinachedwa ndi tsiku limodzi chifukwa kwa mnyamata wa ovaloko magetsi anazima tsiku lonse ndipo makina ake ndi amagetsi. Ndinawaimbira eni ake m'mawa iwo asananyamuke, sindinafune ayende ulendo wachabe. Phunziro ndi loti tsiku lolonjeza ndiziwonjezera masiku awiri pa ntchito iliyonse yodutsa m'manja mwa munthu wina.

Ndalama zake: mashati andipatsa K30,000, madiresi 6 pa K4,000 iliyonse K24,000, makabudula akanandipatsa K15,000 koma kuchotsa K10,000 ya nsalu ija n'kubwezerapo K6,000 ya awiri ndagulitsa aja yatsala K11,000. Zonse K65,000. Maola onse, kuphatikiza kubwereza makabudula, kuyenda ku Limbe ndi kumsika, ndawerenga 46. Ndiye pafupifupi K1,400 pa ola. Maola 8 ndi K11,200, yadutsa K9,200 ngakhale ndi kulakwitsa konse kuja.

Koma ndisadzinamize, maola 46 ndi sabata imodzi yokha ya ntchito. Mayunifomu ndi a nyengo, amawira Ogasiti ndi Sepitembala, pang'ono potsegulira teremu ya Januwale ndi ya Epulo, kwinako zii. Funso lenileni latsala ndi lakuti masabata enawo adzadza ndi chiyani.

Chomwe chandilimbitsa mtima n'chakuti makolo asanu mwa 13 aja abweranso okha ndi zina, buluku la bambo akunyumba, zipi ya chikwama, siketi yobweza. Ndipo kwabwera anthu atatu omwe sindikuwadziwa nkomwe, akuti tamva kuti inu mukanena Lachisanu ndi Lachisanu. Amenewa ndawalemba padera ndi cholembera chofiira, chifukwa ndi oyamba kubwera osati chifukwa chondidziwa.

5 Okutobala

Mwezi wa Sepitembala wonse ndimasoka madzulo ndikaweruka, Loweruka, ndi tsiku lopuma lija, pakhonde la kunyumba, ndinangopachika kachikwangwani ka katoni. Zokonzakonza zabwera 41, zotsala nditachotsa mazipi ndi ulusi ndi K52,000, pa maola ngati 24. Pa ola ndi zabwino kuposa china chilichonse, kupitirira K2,000. Vuto si mtengo, vuto ndi kuchuluka kwake. Kuti K220,000 ikwane ndi zokonzakonza zokha pafunika ntchito zoposa 170 pamwezi, ndiye 7 patsiku tsiku lililonse. Madala amalandira 6 kapena 7 patsiku za mtundu umenewu, koma iwo akhala pamalo paja zaka zambiri ndipo ali panjira ya kumsika. Kunyumba kwanga kuli kuseri, odutsa ndi oyandikana nawo okha. Sindingadziwe kuti pakhonde la K25,000 lija zidzabwera zingati mpaka nditakhalapo.

Nashonale sindinaisiye koma ndaikweza kufika K22,000, lainingi ndi zipi zili momwemo, theka kulipiriratu, chitenje sindichidula dipoziti isanabwere. Awiri mwa azinzanga anakhumudwa, wina anati wayamba kudula ngati wa m'tauni. Zinandikhudza, ndi anthu omwe anandilimbikitsa kuyambira kale. Koma ndinamuonetsa kope, maola 11, ndinamufunsa kuti iye angagwire tsiku ndi theka pa K11,000? Sanayankhe, koma sabata yatha wabweretsa chitenje cha mayi ake cha Tsiku la Anakubala pa 15 Okutobala. Maoda a tsiku limeneli ndili nawo asanu ndipo ndakana awiri chifukwa sindikanamaliza, kukana kwandivuta koma ndi bwino kusiyana ndi mubwere mawa. Nthawi ya nashonale yatsika kufika maola 9 chifukwa cha mapatani a katoni, ndiye K18,000 pa maola 9, K2,000 pa ola, tsopano ikufanana ndi zinazo.

Zomwe sindikuthabe ndi buluku lathunthu la munthu wamkulu lokhala ndi matumba oboola kumbuyo, ndi jekete. Jekete ndaisiya dala, pa ntchito 63 zija sipanabwere olo imodzi yosoketsa, anthu amagula pa kaunjika, sindingataye miyezi kuphunzira chinthu chomwe palibe akuchifunsa. Buluku ndilo ndikulifuna chifukwa ana a sekondale amavala mabuluku ndipo makolo awiri andifunsa kale. Ndawonjezera mwezi wina kwa madala pa chimenechi chokha. Ndadula awiri oyeserera, loyamba mwendo unapotoka nditachapa, msoko wam'mbali unabwera kutsogolo kwa bondo, chifukwa ndinayala patani mopendekeka pofuna kusunga nsalu. Mzere wapakati pa mwendo uyenera kuyenda mofanana ndi mphepete mwa nsalu, uyeze ndi tepi kumwamba ndi kumunsi, olo nsalu ikutayika.

19 Okutobala

Ntchito ya kushopu sindisiya chaka chino. Ndaganiza nthawi yaitali ndipo mchemwali wanga ndi madala onse anena zofanana. Novembala ndi Disembala kudzakhala maukwati ndi Khirisimasi, manambala adzaoneka okoma, koma andinyenga. Miyezi yoyesera zoona ndi Januwale mpaka Malichi, pomwe ndalama za anthu zimapita ku feteleza, fizi ndi chimanga, madala akuti nthawi imeneyo tsiku lina amaweruka ndi ntchito ziwiri. Ndikufuna ndione miyezi imeneyo ndi maso anga malipiro ndikadali nawo.

Ndalankhula ndi mwini khonde lija, wavomera kuti ndizikhalapo Loweruka ndi tsiku langa lopuma pa K10,000 pamwezi kuyambira 1 Novembala, makina ndizisungitsa mugolosale mwake usiku. Ndi masiku 8 kapena 9 pamwezi. Ndadziikira muyeso woti ngati mu Febuluwale masiku amenewo azitsala K9,200 pa tsiku, ndipo theka la obwera ndi anthu osandidziwa, ndidzapereka notisi kumapeto kwa Malichi. Zikalephera ndipitiriza momwemu mpaka nyengo ya mayunifomu ikubwerayo ndiwerengenso.

Ndalama ya mayunifomu ndi ya Sepitembala sindinaidye yonse, K90,000 ili padera pafoni. Ndimafuna ndiyambe kusungira ovaloko poti K700 pa shati imandiwawa, koma nditawerengera, pa zovala 22 ndalipira yosafika K16,000, makinawo sangadzibweze msanga pa oda zochepa chonchi, komanso amafuna magetsi omwe pakhondepo palibe. Ndiye idikire. Mawa ndipita ku Limbe kukagula mazipi 20 a mabuluku akuda ndi abuluu, paketi ya singano nambala 16, lamba watsopano wa makina poti uyu wayamba kuterereka, ndi mamita atatu a nsalu yotchipa ya buluku lachitatu loyeserera.